Kalata Yosiya Ntchito: Tchulani Tsiku, Tchulani Wolandira

Lero tikambirana za kalata yosiya ntchito. Sitikamba zoti kusiya ntchito n'kwabwino kapena ayi, poti zimenezo adziwa ndi mwini wake. Tikamba za munthu amene watsimikiza kale mtima, ndipo wagwira cholembera. Kodi alembe chiyani? M'kalatayo muli mfundo ziwiri zimene anthu ambiri amazilemba mozungulira, pomwe ndizo zimasenza kalata yonse. Yoyamba ndi tsiku lomaliza kugwira ntchito. Yachiwiri ndi dongosolo la kusiyirana ntchito, limene m'maofesi amalitcha handova. Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo. Kalata imeneyi simukulembera bwana wanu yekha. Mukulembera munthu wachitatu, amene sakudziwani inu, sakuwadziwa bwana, ndipo sadalipo pamene munkakambirana.

Kodi munthu wachitatuyu ndani? Mwina ndi wowerengera malipiro ku likulu la kampani ku Blantyre, amene sadapondepo pa boda ya Chiponde. Mwina ndi mkulu wa ku ofesi ya za ntchito pa boma la Mangochi, amene mudzam'thamangire zinthu zikadzavuta. Mwina ndi woweruza wa ku khoti la za ntchito. Onsewa sadzakhala ndi mwayi womva zimene mudakambirana ndi bwana pakhonde. Adzaona pepala lokha. Choncho mukamaliza kulemba, dzifunseni mafunso awiri. Kodi munthu wachilendo atawerenga kalatayi, angaloze pa kalendala tsiku limene ndisiye ntchito? Kodi angadziwe zimene zinali m'manja mwanga, ndi amene azilandire? Mukayankha kuti inde pa mafunso onse awiri, kalata yanu yakwana. Mukakayika pa limodzi, ibwerezeni.

Tiyambe ndi tsiku. Tsiku lomaliza silisankhidwa mwachisawawa. Limachokera ku notisi, ndiye kuti nthawi yochenjezeratu abwana kuti mukuchoka. Lamulo la za ntchito la m'dziko muno, la chaka cha 2000, lili ndi gawo 29 lonena za zimenezi. Likuti notisi iperekedwe molemba. Likutinso kutalika kwake kumatsata mmene munthu amalandirira malipiro. Wolandira pamwezi apereke notisi ya mwezi wathunthu. Wolandira pasabata, ngati sanakwanitse zaka ziwiri pantchitopo, apereke ya sabata imodzi. Akakhalitsa, notisi nayo imatalika. Ndipo dziwani kuti nthawi zimenezi ndi zochepetsetsa. Ngati mudasayina mgwirizano wonena za notisi yotalikirapo, monga miyezi iwiri kapena itatu, tsatirani mgwirizanowo. Ogwira ntchito m'boma, ngakhalenso a ku MRA amene mumawaona pachipata, ali ndi malamulo awo a pantchito oti awerenge. Choncho musanalembe tsiku, tulutsani kalata imene adakulemberani ntchito, muiwerenge bwino. Ngati idasowa, funsani ku ofesi ya za ntchito. Paja safunsa adadya phula.

Nanga bwanji munthu akapanda kukwanitsa notisi? Apa ndipo pali ndalama, omvera. Gawo 30 la lamulo lomwelo likuti wantchito akachoka popanda notisi yoyenera, ndipo bwana sadam'khululukire notisiyo, ayenera kulipira bwanayo ndalama zofanana ndi malipiro a masiku amene atsala. Tamvetsani bwino. Tinene kuti mumalandira pamwezi. Mwapereka kalata pakati pa mwezi, ndipo mwalemba kuti, "Ndisiya ntchito kumapeto kwa mwezi." Inu mumtima mukunena mwezi womwe uno. Koma mwezi uno ukatha, mudzakhala mutagwira theka chabe la notisi. Theka linalo ndi ngongole. Bwana naye akhoza kuwerenga mawu omwewo n'kumva kuti mukunena mwezi wamawa, poti ndi pamene notisi ikwanira. Pa tsiku loyamba la mwezi watsopano inu muli kale ku Liwonde pantchito ina. Bwana akulemba m'buku kuti mwajomba. Ndani wanama? Palibe. Yanama ndi kalata, chifukwa sidatchule tsiku.

Pali mawu ena amene timawakonda kuno kwathu, omveka aulemu, koma osagwirika. Wina amalemba kuti, "Ndichoka posachedwapa." Posachedwapa ndi liti? Wina amati, "Ndichoka Idi ikatha." Tonse tikudziwa kuti tsiku la Idi limadikira kuoneka kwa mwezi, ndiye simungamangepo malipiro anu. Wina amati, "Ndichoka mukapeza munthu wina." Ameneyu ndiye wadzimanga yekha. Wapereka tsiku lake m'manja mwa bwana, ndipo bwana alibe chifukwa chofulumirira. Miyezi itatu ikhoza kutha akadafunafunabe, ntchito yatsopano ija n'kupita kwa wina. Winanso amalemba tsiku ndithu, koma ndi mawu akuti, "Ndikusiya ntchito kuyambira pa 30." Kodi pa 30 po abwera kuntchito kapena sabwera? Kodi tsikulo alipidwa? Mawu akuti "kuyambira" amasiya mpata wa mkangano. Mawu otseka mpata ndi awa: "Tsiku langa lomaliza kugwira ntchito lidzakhala lakuti, ndipo ndidzagwira mpaka nthawi yoweruka."

Tsopano titenge chitsanzo chimodzi, tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kalaliki wa mu ofesi ya maejenti othandiza amalonda kuombola katundu pa boda ya Chiponde. Amalandira pamwezi. Amagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Wapeza ntchito ina yoti ayambe pa 1 Okutobala 2025. Achite bwanji? Awerenge chobwerera m'mbuyo. Kuti ayambe kwina pa 1 Okutobala, tsiku lake lomaliza likhale Lachiwiri pa 30 Seputembala. Kuti mwezi wa notisi ukwane popanda wotsutsa, kalata ifike m'manja mwa bwana mwezi wa Seputembala usanayambe. Ndiye aipereke Lachisanu pa 29 Ogasiti. Kodi sakanadikira mpaka Lolemba pa 1 Seputembala? Akanatha, koma akanatsegula khomo la mtsutso, poti ena powerenga notisi sawerengera tsiku limene kalata yaperekedwa. Masiku awiri owonjezera sam'luzitsa kanthu. Tsiku limodzi loperewera likhoza kum'kanganitsa ndi bwana. Taonaninso kuti tatchula dzina la tsiku, Lachiwiri, pamodzi ndi deti, mwezi ndi chaka. Chifukwa chake n'chakuti dzanja likalakwitsa nambala, dzina la tsiku limaulula cholakwacho msanga. Ndipo mwezi ulembedwe m'mawu, osati m'manambala okha.

Pali tsiku lina lofunika mofanana ndi lomalizalo. Ndi tsiku limene kalata yalandiridwa. Notisi siyamba pamene mwalemba kalata kunyumba kwanu usiku. Munthu wachitatu uja adzafuna kudziwa kuti bwana adaiona liti. Maofesi ambiri a pa boda ndi nthambi chabe, eni ake amakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kalata ikapatsidwa kwa kondakitala wa minibasi, ikhoza kugona m'thumba sabata yathunthu. Ikangonenedwa pakamwa kudzera mwa mnzanu, paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndiye chitani izi. Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi perekani kwa amene amakuyang'anirani. Pa inayo apempheni alembe kuti "Ndalandira", aike deti, asayine, ndipo ngati chidindo chilipo adinde. Imeneyo ndi yanu, isungeni pamodzi ndi ziphaso zanu. Ngati eni ntchito ali kutali, jambulani kalatayo muwatumizire pa foni tsiku lomwelo, kenaka pepala lenileni litsatire. Uthenga wa pa foniwo musaufufute, chifukwa umasunga deti ndi nthawi.

Tisanachoke pa nkhani ya tsiku, tione za tchuthi, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Lamulo limapereka masiku 18 a tchuthi pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Tinene kuti kalaliki wathu watsala ndi masiku asanu ndi limodzi amene sadapume. Ali ndi njira ziwiri. Akhoza kugwira ntchito mpaka pa 30 Seputembala, n'kupempha kuti masikuwo awalipire ndalama. Kapena akhoza kupempha kuti awapume kumapeto kwa notisi. Akasankha njira yachiwiriyi, kalata ikhale ndi masiku awiri osiyana. Tsiku lomaliza kupezeka mu ofesi lidzakhala Lachiwiri pa 23 Seputembala. Tsiku lotha ntchito likhalabe Lachiwiri pa 30 Seputembala. Akangolemba limodzi, wowerengera malipiro akhoza kudula malipiro pa 23. Ndipo mawu ofunika apa ndi akuti "ndikupempha". Tchuthi munthu sadzipatsa yekha, amagwirizana ndi bwana. Yankho la bwana nalo likhale lolembedwa. Akakana, gwirani ntchito mpaka tsiku lomaliza, masikuwo muwafunse ngati ndalama.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira chonchi pa tsiku limodzi? N'chifukwa chakuti zonse zotsatira zimawerengedwa kuchokera pa tsikulo. Lamulo likuti malipiro otsala aperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Masiku asanu ndi awiri kuchokera liti, ngati tsiku silidziwika? Lamulo likutinso wantchito akapempha, bwana am'patse chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chikalata chimenecho chimafuna deti. A penshoni nawo adzafunsa deti lomwelo. Ndibwereze mfundo yoyambayi. Tchulani tsiku ndi dzina lake. Tchulani deti, mwezi ndi chaka. Nenani kuti mudzagwira mpaka poweruka. Sungani umboni wa tsiku limene kalata idalandiridwa.

Tsopano titembenukire ku mfundo yachiwiri, ya kusiyirana ntchito. Makalata ambiri amati, "Ndidzasiya zonse m'malo mwake." Mawu okoma, koma zonse ziti? M'malo mwake muti? Munthu wachitatu uja sangagwirepo kanthu. Dongosolo lomveka limayankha mafunso atatu. Ndikusiya chiyani? Ndikusiyira yani? Ndidzam'siyira liti? Pa funso loyamba, zimene zili m'manja mwa wantchito aliyense zimagawika patatu: katundu wa pantchito, ndalama, ndi ntchito zosatha. Katundu ndiye wosavuta. Kwa kalaliki wathu ndi makiyi a ofesi, chidindo, foni ya kampani, mabuku a malisiti, mwinanso njinga yamoto. Chilichonse chilembedwe ndi mmene chilili. Ngati galasi la foni lidasweka kale, nenani. Ngati buku la malisiti lathera pa nambala yakuti, lembani nambalayo. Lisiti iliyonse yolembedwa pambuyo pa nambala imeneyo siidzakhalanso yanu.

Ndalama zimafuna diso lakuthwa kuposa katundu. Pa boda, wamalonda amatha kusiyira kalaliki ndalama za msonkho kuti akam'lipirire. Pamakhalanso ndalama zapadera zogulira zinthu zazing'ono za mu ofesi. Pamakhala makasitomala amene adathandizidwa koma sadamalize kulipira. Zonsezi zilembedwe mzere ndi mzere: mwini ndalama ndi uyu, adapereka zakuti, zalipiridwa zakuti, lisiti yake nayi, zatsala zakuti. Ndalama za kutsidya kwa malire zilembedwe pazokha, zisasakanizidwe ndi makwacha, chifukwa mtengo wosinthira wa lero si wa mawa. Ndipo ndalama ziwerengedwe pamaso pa wolandira, anthu awiri mukuona. Inu amene simugwira pa boda musaganize kuti izi sizikukukhudzani. Wogulitsa mugolosale ali ndi buku la angongole. Wokhala pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba ali ndi ndalama za m'foni ndi za m'kabati, ndipo ziwirizi ziyenera kugwirizana ndi buku. Wothira mafuta pa filing'i ali ndi manambala a pa pampu. Ndalama ikasowa munthu atachoka, chala chimaloza amene palibe. Pepala losayinidwa ndilo limakuyankhirani inu muli kutali.

Gawo lachitatu, la ntchito zosatha, ndilo limaiwalika kwambiri, chifukwa silioneka ndi maso. Lili m'mutu mwa wochokayo. Taganizirani magalimoto a katundu amene amachokera ku doko la Nacala, n'kudzera ku Cuamba ndi Mandimba, kudzaima pa Chiponde. Pa tsiku lililonse kalaliki amakhala ndi mafayilo amene ali pamalo osiyanasiyana. Ina yalowetsedwa kale m'kompyuta, mu ASYCUDA World imene a MRA amagwiritsa ntchito, koma msonkho sunalipiridwe. Ina ikudikira kuti katundu ayenderedwe. Ina yaimitsidwa chifukwa pakusowa pepala limene mwini katundu adalonjeza kutumiza. Inanso ndi ya katundu wongodutsa m'dziko muno, amene ali pa bondi ya kampani, ndipo bondiyo imakhalabe yomangika mpaka zitatsimikizika kuti katunduyo wafika kumene amapita. Wolowa m'malo akapanda kuuzidwa zimenezi, galimoto ligona pa boda masiku owonjezera, dalaivala akudya za m'thumba mwake, mwini katundu akuimba foni mokalipa. Choncho pa fayilo iliyonse alembe mizere inayi yokha: fayilo ndi ya yani, yafika pati, chotsatira n'chiyani, ndipo woimbiridwa foni ndani. Palibe chifukwa cholemba mbiri yaitali. Wolandira akufuna kudziwa choti achite mawa m'mawa.

Pali chinthu chimodzi chimene sichisiyiridwa munthu wina. Ndi pasiwedi, ngakhalenso nambala yachinsinsi ya foni ya ndalama, ngati idalembetsedwa m'dzina lanu. Anthu ena mwa mtima wabwino amalembera mnzawo pa kapepala kuti ntchito isaime. Taganizani bwino. Chilichonse chimene chidzalowetsedwe m'kompyuta kudzera m'dzina lanu chidzaoneka ngati mwachita ndinu. Mtengo wa katundu ukadzalembedwa wabodza miyezi iwiri mutachoka, dzina lotuluka lidzakhala lanu. Ndiye m'kalata pemphani kuti dzina lanu litsekedwe pa tsiku lomaliza, ndi kuti wolowa m'malo am'tsegulire lake. Zimenezi zimatenga nthawi, n'chifukwa chake ziyenera kunenedwa pa tsiku loyamba la notisi.

Nanga funso lakuti liti? Ambiri amasiya handova mpaka madzulo a tsiku lomaliza. Imeneyo si handova, n'kutula katundu pakhomo n'kuthawa. Ikani tsiku la kusiyirana pafupifupi sabata imodzi musanachoke. Wolandira ayambe kugwira ntchito inu mukadalipo, kuti akakodwa akufunseni maso ndi maso. Pa tsiku lomaliza mungowerenganso ndalama, kukonzanso mndandanda wa mafayilo, ndi kupereka makiyi. Kenaka musayine anthu atatu: wopereka, wolandira, ndi bwana ngati mboni. Aliyense atenge pepala lake. Dziwaninso kuti mndandanda wonsewu sulowa m'kalata yosiya ntchito. Kalata ingonena dongosolo mwachidule. Mndandanda ndi pepala lina, lolembedwa pa tsiku la kusiyirana.

Tsopano tamverani mmene kalata ya kalaliki wathu ingamvekere. Pamwamba pali dzina lake, keyala yake, ndi deti la 29 Ogasiti 2025. Kenaka akuti: "Bwana, ndikulemba kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya ukalaliki pa ofesi ya Chiponde. Kalata ino ndi notisi yanga ya mwezi umodzi. Tsiku langa lomaliza kugwira ntchito lidzakhala Lachiwiri pa 30 Seputembala 2025, ndipo ndidzagwira mpaka nthawi yoweruka. Ndikupempha mundiuze pofika Lachisanu pa 12 Seputembala munthu amene adzalandire ntchito yanga. Lachiwiri pa 23 Seputembala ndidzam'patsa mndandanda wa mafayilo onse osatha, ndalama za makasitomala ndi katundu wa ofesi, ndipo ndidzagwira naye limodzi mpaka tsiku lomaliza. Ngati munthuyo sadzakhala atapezeka, ndidzapereka zonsezi kwa inu. Ndikupemphanso kuti dzina langa la m'kompyuta litsekedwe pa tsiku langa lomaliza, kuti masiku anga asanu ndi limodzi a tchuthi alipiridwe pamodzi ndi malipiro omaliza, ndi kuti mundipatse chikalata chosonyeza nthawi imene ndagwira ntchito. Zikomo chifukwa cha zonse zimene ndaphunzira pano." Basi, asayine. Mwaona kufupika kwake? Mulibe madandaulo. Mulibe kufotokoza kumene akupita. Koma mlendo aliyense ataiwerenga angadziwe tsiku, angadziwe wolandira.

Ndikudziwa kuti ena mukutsutsa, ndipo tiyeni timve zotsutsazo chimodzichimodzi. Choyamba, wina akuti, "Kulembera munthu wamkulu madeti chonchi ndi mwano. Kwathu kuno timatsanzika pakamwa, titakhala pansi." Ndikuvomereza kuti kutsanzika pakamwa n'kofunika. Musalole kuti bwana amve za kuchoka kwanu kudzera pa pepala lopezeka patebulo. Pitani kaye, mukhale nawo pansi, muwauze mwaulemu. Koma mukatero perekani kalata. Ndipo taganizani, kodi ulemu weniweni ndi uti? Kum'siya munthu akungoganizira tsiku limene ofesi yake idzakhale yopanda munthu, kapena kumuuza mwezi wathunthu zisanachitike kuti akonzekere? Bwana wa pa boda ali ndi makasitomala oti awayankhe. Deti lomveka limam'patsa nthawi yofunira munthu. Mawu ozungulira amam'komera m'khutu lero, mawa n'kumugwetsa m'mavuto.

Chachiwiri, wina akuti, "Ndikangopereka notisi, andithamangitsa tsiku lomwelo, ndiye kuli bwino ndilandire malipiro n'kungosowa." Mantha amenewa ali ndi maziko, chifukwa mabwana otere alipo. Koma yerekezani anthu awiri atafika ku ofesi ya za ntchito. Woyamba adangosowa. Alibe pepala, ndipo lamulo likuti ndiye ali ndi ngongole ya notisi. Wachiwiri ali ndi kalata yosayinidwa, yosonyeza kuti adali wokonzeka kugwira ntchito mwezi wonse, koma adauzidwa kuti achoke. Ndani ali ndi poyambira? Ndi wachiwiriyu. Bwana akati chokani lero, musakangane nawo. Apempheni alembe zimenezo pa kalata yanu, anenenso ngati akulipirani masiku otsalawo. Ndipo ngakhale zitathina chotero, musachoke ndi makiyi kapena ndalama za eni. Werengerani pamaso pa mboni, musayinirane, ndiye muzipita.

Chachitatu, wina akuti, "Ulendo wa ku Joni sudikira mwezi. Galimoto likunyamuka Loweruka." Izi si zachilendo kuno ku Mangochi. Koma ngakhale wofulumira ali ndi njira yolongosoka. Lamulo limalola bwana kukhululuka notisi. Ndiye lembani zoona: "Ndikudziwa kuti notisi yanga ndi ya mwezi umodzi, koma ndikupempha kuti tsiku langa lomaliza likhale Lachisanu lakuti." Bwana akavomera, alembe. Akakana, dziwani kuti mukuyenera kulipira masiku otsalawo, ndipo gwirizanani molemba kuti ndi ndalama zingati. Nthawi ikachepa, handova ndiye ikhale yolongosoka koposa, poti ku Joni palibe adzakutsatireni kudzafunsa za fayilo. Paja akuluakulu adati ukachoka usamatseke mwala, koma tseka mayani. Opita ku Joni amabwerako, ndipo pa Chiponde anthu ake ndi omwewo. Eni maofesi amadziwana, madalaivala amadziwana.

Chachinayi chikuchokera kwa mabwana. Iwo akuti, "Wantchito angatiikire bwanji tsiku, ife tisanapeze wolowa m'malo?" Bwana, mwaulemu wonse, kupeza munthu wina ndi udindo wanu. Udindo wa wantchito ndi kukupatsani nthawi imene lamulo ndi mgwirizano zikunena, ndi kusiya ntchito yolongosoka. Notisi yokwana si pempho lodikira chilolezo. Ngati mukufuna kuti akhalebe masabata ena, kambiranani naye, ndipo mukagwirizana mulembe deti latsopano. Dziwaninso kuti kalata yomveka ikutetezani inu nomwe. Ili ndi tsiku loti mufunsire makiyi. Ili ndi lonjezo la mndandanda wa mafayilo ndi ndalama, limene mungam'kumbutse nalo wantchitoyo. Wolemba momveka wadzimanga pa mawu ake, ndipo inu mukudziwa pom'gwira.

Omvera, nthawi yathu yatha, ndiye tiombe mkota. Kalata yosiya ntchito ilembedwe kuti munthu wosakudziwani aimve. Yambani mwaona notisi yanu m'mgwirizano ndi m'lamulo, kenaka werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku limene mukufuna kuchoka. Tchulani tsiku lomaliza ndi dzina lake, deti, mwezi ndi chaka. Ngati pali tchuthi, lembani masiku onse awiri. Sungani kalata yanu yosayinidwa. Pa kusiyirana ntchito nenani chimene mukusiya, amene mukum'siyira, ndi tsiku lake. Ndalama muwerengere pamaso pa mboni. Pasiwedi itsekedwe, isaperekedwe kwa wina. Ndipo ngati kulemba kumakuvutani, kapena mumamasuka kwambiri m'Chiyao, pemphani munthu wodalirika akulembereni, akuwerengereni mokweza, ndipo musasayine musanamve tsikulo ndi makutu anu.